Mwezi waoneka: mumupatse moni wotani mnzanu wachisilamu?

Mwezi wa Ramadani ukayamba, m'maofesi ambiri mumakhala kapu imodzi kapena ziwiri zomwe sizitsika pa shelefu nthawi ya tiyi. Mwini kapu alipo, ali pa desiki pake, koma kuyambira lero sadya kanthu kapena kumwa madzi kufikira dzuwa litalowa. Anzake amaona ndithu. Ena amafuna kunena kanthu koma amaopa kuphonya, choncho amangodutsa ngati sakudziwa. Ena amalimba mtima n'kunena zomwe zabwera msanga pakamwa: "Pepanitu achimwene, mwayamba kuvutika." Amene wangodutsayo sanalakwire munthu, wangotaya mwayi. Wopepesa uja ndiye waphonya kwenikweni, ngakhale kuti amafuna zabwino.

Nkhaniyi si ya anthu akutali. Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti Asilamu ndi 13.8 peresenti ya anthu a m'dziko muno, kutanthauza pafupifupi munthu mmodzi mwa asanu ndi awiri alionse, ndipo ku Mangochi ndi ku Machinga ndi oposa theka. Kaya mumagwira ntchito kubanki, kusukulu, kugalaja kapena pachipatala, n'kovuta kuti pasakhale Msilamu pakati panu.

Choyamba kudziwa n'chakuti kwa Msilamu, kufika kwa Ramadani ndi nkhani yabwino. Ndi mwezi wachisanu ndi chinayi pa kalendala yachisilamu, mwezi womwe Asilamu amakhulupirira kuti Kurani inayamba kutsitsidwa kwa Mtumiki Muhammad, ndipo kusala m'mwezi umenewu ndi imodzi mwa nsichi zisanu za Chisilamu. Anthu amauyembekezera, amaupempherera kuti awupeze ali moyo, ndipo alipo amene amagwetsa misozi ukamatha. Njala ndi ludzu zilipo, palibe amakana, koma wosala amaziona ngati mtengo wa chinthu chomwe akuchifuna. Ndiye mukamuuza kuti pepani, zili ngati kupepesa mayi amene wangochira kumene chifukwa cha tulo tomwe azisowa: zoona tulo asowa, koma mawu oyenera tsiku limenelo ndi omuyamikira. Moni wa Ramadani ndi wa mafuno abwino.

Mawu ake si ovuta. Odziwika kwambiri ndi akuti "Ramadani mubaraka", omwe ndi Chiarabu ndipo akutanthauza kuti mweziwu ukhale wamadalitso. Mumayamba ndi moni wathu wa masiku onse, kenako n'kuwonjezera:

"Mwadzuka bwanji achemwali?"

"Ndadzuka bwino, kaya inu?"

"Ndadzuka. Ndamva kuti mwayamba lero. Ramadani mubaraka."

"Zikomo kwambiri, Mulungu akudalitseni."

Zathera pomwepo, ndipo zakwana. Yankho limasiyana malinga ndi munthu. Ambiri amangothokoza m'Chichewa. Ena amayankha m'Chiarabu, ndipo mwa Amalawi achimwenye omwe ali ndi mashopu ku Limbe kapena ku Lilongwe mungamve akuti "Khairi mubaraka", kubweza madalitso omwewo kwa inu. Simukuyenera kuyankhanso; kumwetulira n'kokwanira.

Palinso moni wina womwe mumauona kwambiri pa zikwangwani za makampani ndi m'mauthenga a pa foni, wakuti "Ramadani karimu", kutanthauza Ramadani wowolowa manja. Anthu ambiri amaulandira bwino, ndipo ena amayankha kuti "Allahu akramu", kuti Mulungu ndiye wowolowa manja koposa. Koma yankho limeneli likukuuzani kale pomwe pali kankhani. Akatswiri ena a chipembedzochi, monga malemu Shehe Ibn Uthaimin wa ku Saudi Arabia, anaphunzitsa kuti mwezi paokha supatsa munthu kanthu, wopatsa ndi Mulungu, choncho ndi bwino kunena kuti mubaraka. Ena saona vuto lililonse. Inu amene simuli m'chipembedzocho simukufunika kulowa mkangano wa eni ake. Nenani mubaraka, palibe amene angakudzudzuleni.

Ngati lilime likukana Chiarabu, musalikakamize. "Ndikufunirani mwezi wabwino wa Ramadani" ndi moni wathunthu. "Mulungu akupatseni mphamvu mwezi wonsewu" ndi wabwinonso, ndipo kwa ine umamveka wochokera pansi pa mtima kuposa Chiarabu chotchulidwa mwamantha. Asilamu ambiri akamayankhula Chichewa sanena n'komwe kuti akusala. Amati "tamanga", ndipo madzulo amati "tikukamasula". Mukamva mnzanu akuti "lero ndamanga", akunena kusala komweko, kumene m'mabuku awo amakutcha swaumu. Ulemu wa masiku onse susintha: kwa wamkulu mumati bambo kapena mayi, kwa Ayao ambiri mumayamba ndi Che patsogolo pa dzina, ndipo mnyamata wongoyamba ntchito salumphira abwana ndi "Ramadani mubaraka, aise".

Ena amafunsa ngati Mkhristu angapereke moni wotere osakhala ngati walowa Chisilamu. Mawu akuti mwezi ukhale wamadalitso sakulumbiritsani chilichonse. Ndi chimodzimodzi Msilamu amene amakufunirani ulendo wabwino mukamapita ku msonkhano wa mpingo. Koma ngati chikumbumtima chanu sichikulolani kutchula mawu achipembedzo china, nenani za mphamvu ndi thanzi m'Chichewa, ndipo mnzanuyo amva kuti mwamuganizira. Chomwe sichikhala bwino n'kuchita chibwana ndi mawuwo, monga kukuwa "Asalamu aleikumu, shehe!" pakhonde motsanzira kayankhulidwe, anthu n'kumaseka. Moni umenewo ndi pemphero la mtendere, ndipo mawu akuti shehe ndi a munthu wophunzira za chipembedzo, si dzina la mwamuna aliyense wovala kofiya.

Pomwe ambiri amaphonya ndi pa tsiku. Ramadani alibe tsiku lokhazikika pa kalendala yomwe ili pakhoma la ofesi. Miyezi yachisilamu imayendera mwezi wakumwamba, ndipo uliwonse umakhala ndi masiku 29 kapena 30. Chaka chonse chimakwana masiku 354 kapena 355, choncho Ramadani amafulumira ndi masiku 10 kapena 11 chaka chilichonse. Mu 2015 anayamba mkati mwa Juni, nthawi yozizira. Mu 2019 kumayambiriro kwa Meyi. Mu 2025 kumayambiriro kwa Malichi, mvula ikadagwa. Pakatha zaka pafupifupi 33 amakhala atazungulira nyengo zonse. Amene anasala cha m'ma 2005 akukumbukira Ramadani wa mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, ndipo Ramadani wotere adzabweranso cha m'ma 2037.

Ngakhale sabata yake itadziwika, tsiku lenileni limadikira maso. Madzulo a tsiku la 29 la mwezi wa Shabani, womwe umatsogolera Ramadani, anthu amayang'ana kumadzulo dzuwa litangolowa, kufuna kakhwawa ka mwezi watsopano. Kakaoneka, Ramadani wayamba usiku womwewo, chifukwa pa Chisilamu tsiku limayamba dzuwa likalowa, ndipo kusala kumayamba m'bandakucha wotsatira. Kakapanda kuoneka, Shabani amakwanitsa masiku 30 ndipo kusala kumayamba mkuja. Mwezi woterewu ndi woonda kwambiri ndipo ukhoza kulowa pasanathe ola, ndiye mitambo ya dzinja ingathe kuubisa. N'chifukwa chake mayiko sayambira limodzi. Mu 2024 Saudi Arabia inayamba pa 11 Malichi pomwe South Africa inayamba pa 12; mu 2025 Saudi Arabia inayamba pa 1 Malichi, South Africa pa 2. Kuno kwathu anthu amadikira chilengezo cha atsogoleri awo, kudzera m'mabungwe monga Muslim Association of Malawi ndi Quadria Muslim Association of Malawi, m'mizikiti ndi pa wailesi monga Radio Islam.

Izi zikutanthauza kuti foni yanu ikhoza kukunamizani. Mukaona pa nkhani zakunja kuti Ramadani wayamba, sizitanthauza kuti mnzanu wa ku Ndirande wamanga. Nthawi zina ngakhale Asilamu awiri a mu ofesi imodzi amasiyana ndi tsiku, wina potsatira mwezi wooneka kuno, wina potsatira wooneka kwina. Mukakumana ndi zotere musafunse kuti wolondola ndani, ndipo musaseke kuti "inu nomwe simugwirizana". Nkhaniyo ndi yakale ndipo eni ake amaidziwa bwino kuposa inu. Njira yosavuta ndi kufunsa sabata imeneyo kuti, "Kodi mwezi mukuuyembekezera liti?" Funso limeneli palokha limakondweretsa, chifukwa likusonyeza kuti mukudziwa kuti pali choyembekezera. Mukachedwa ndi masiku awiri kapena atatu, perekanibe moniwo, sutha ntchito. Chongopewa ndi kusokoneza ndi "Idi mubaraka", womwe ndi wa chikondwerero cha kumapeto, mwezi wosala utatha. Kuuza munthu zimenezo tsiku loyamba ndi kumutsekulira phwando akadali ndi masiku 29 kapena 30 patsogolo.

Musanapereke moni, tsimikizaninso kuti mukuupereka kwa mwini wake. Dzina ndi mtundu zimanyenga. Si Myao aliyense amene ali Msilamu, ndipo si Msilamu aliyense amene ali Myao: ku Nkhotakota, komwe Chisilamu chinafika ndi a Jumbe cha m'ma 1840, kuli Achewa ambiri achisilamu, ndipo alipo anthu a mayina ngati Amina kapena Saidi omwe amaimba kwaya ku tchalitchi. Si mwenye aliyense amene ali Msilamu. Ena ndi Ahindu. Ngati simukudziwa, dikirani mwini wake anene.

Tsopano tifike pomwe pamapweteka anthu. Moni ukaperekedwa, ambiri amafuna kupitiriza macheza, ndipo funso lomwe limabwera ndi lakuti, "Ndiye inunso mwamanga?" Kapena masana, mukapeza mnzanuyo akumwa madzi kuseri: "Aa, si Ramadani kodi? Mwagonja kale?" Musafunse zimenezi, ngakhale mwanthabwala.

Chifukwa chake n'chakuti Chisilamu chenichenicho chimalola anthu ena kusasala, ndipo ena chimawaletsa. Wodwala ndi wapaulendo amaloledwa kudya n'kudzabweza masikuwo pambuyo pake. Zimenezi zili m'Kurani momwe, m'sura yachiwiri. Mayi woyembekezera kapena woyamwitsa amaloledwa ngati kusala kungamuvulaze iye kapena mwana. Nkhalamba ndi munthu wa matenda okhalitsa, amene sangathe kubweza, amadyetsa wosauka mmodzi pa tsiku lililonse lomwe sanasale. Ndipo mayi amene ali kumwezi kapena wangobereka kumene sasala konse masiku amenewo. Amadzabweza mwezi ukatha. Taganizani tsopano zomwe funso lanu likufuna. Mukafunsa mayi wa ku akaunti pamaso pa anthu kuti bwanji akudya, mukumukakamiza asankhe pakati pa kunama, kuulula kuti ali kumwezi, kapena kulengeza mimba yomwe sanauze ngakhale apongozi ake. Mukafunsa bambo wa pageti, mwina mukumuuza aulule kuti ali ndi matenda a shuga, kapena kuti amamwa mankhwala omwe safuna kuti anthu adziwe. Pachikhalidwe chathu zinthu zimenezi sitifunsana pagulu mwezi wina uliwonse, ndipo Ramadani sapereka chilolezo. Amayi ambiri achisilamu amadya mobisa masiku amenewa pothawa mafunso omwewa.

Alipo Asilamu ena amene sasala popanda chifukwa chilichonse mwa izi, monganso alipo Akhristu amene amaponda ku tchalitchi pa Khirisimasi pokha. Imeneyo ndi nkhani ya iye ndi Mulungu wake. Kukongola kwa mawu akuti "Ramadani mubaraka" n'kwakuti safunsa kanthu. Amafunira munthu mwezi wabwino kaya wamanga kaya sanamange.

Funso lina lomwe wosala aliyense watopa nalo ndi lakuti, "Ngakhale madzi?" Inde, ngakhale madzi. Tiliyankhe pano kuti musakalifunsenso. Kuyambira m'bandakucha mpaka dzuwa kulowa, wosala sadya, samwa, sasuta fodya, ndipo sakhala malo amodzi ndi mkazi kapena mwamuna wake. Akhristu ambiri amadabwa chifukwa kusala komwe amakudziwa n'kwina: Mkatolika pa Lachitatu la Phulusa amachepetsa chakudya koma madzi amamwa, ndipo m'mipingo ina munthu amasankha yekha masiku ndi kasalidwe kake. Kusala kwa Ramadani kuli ndi malire okhazikika, ndipo n'kwa mwezi wathunthu. Komabe si kwa nkhanza monga ena amaganizira. Kumeza malovu sikuononga swaumu, ndipo munthu akaiwala n'kuponya mtedza mkamwa, swaumu yake sinaonongeke. Akakumbukira amangosiya n'kupitiriza. Mukamuona akutenga bisiketi mosaganiza pa msonkhano, kumukumbutsa chapansipansi kulibe vuto ngati mukudziwa kuti wamanga. Kuimba m'manja kuti mwamugwira ndiye ayi.

Kuti muone chomwe moni wanu ukukumana nacho, tiyeni titsate tsiku limodzi la munthu wongoyerekeza, dalaivala wa kampani ina ku Blantyre, Ramadani atagwa kumayambiriro kwa Malichi. Amadzuka cha m'ma 3:30 usiku kuti adye chakudya cha m'bandakucha, chomwe ambiri amachitcha daku. Mwina ndi mpunga wotsala, mwina phala, tiyi ndi madzi ambiri. Pofika cha m'ma 4:30 kumayamba kuyera kum'mawa, adhana imamveka ku mzikiti, ndipo kudya kwatha. Amaswali, mwina n'kutsinzinako pang'ono, kenako 6 koloko ali pa siteji kudikira minibasi. Mmawa wonse amakhala wamphamvu ndithu. Masana amafuna mphindi zochepa zokaswali, ndipo ngati ndi Lachisanu amapita ku mzikiti ku Juma. Kuyambira cha m'ma 2 koloko thupi limayamba kulemera, kukamwa kumauma, ndipo masiku atatu kapena anayi oyamba mutu umawawa, makamaka kwa wozolowera tiyi, khofi kapena fodya. Dzuwa limalowa cha m'ma 6 koloko. Apo ndiye wakhala maola 13 ndi theka osalawa kanthu.

Kumasula sikuchedwetsedwa. Dzuwa likangolowa amamwa madzi n'kudya tende ngati zilipo, kapena nthochi, kapena chilichonse chili pafupi, n'kuswali swala ya Magharibi, kenako chakudya chenicheni: futali wa mbatata kapena chinangwa wothira nsinjiro, masamusa, mpunga, nsima. Cha m'ma 7 koloko kupita m'tsogolo amabwerera ku mzikiti ku swala ya usiku, yomwe m'mwezi uno imatsatidwa ndi mapemphero aatali otchedwa Tarawehe. M'mizikiti yambiri amawerenga gawo limodzi mwa magawo 30 a Kurani usiku uliwonse kuti amalize buku lonse mwezi usanathe. Amafika kunyumba cha m'ma 9 koloko, kugona mwina 10 koloko, ndipo 3:30 wadzukanso. Osala ambiri amakuuzani kuti pakatha sabata njala imazolowereka, chomwe chimavuta ndi tulo.

Mukaona tsiku limeneli, mukhoza kudziwa nokha chomwe chingachitike bwana atamuuza "Ramadani mubaraka" 8 koloko mmawa, kenako 3 koloko masana n'kumutuma kuti akasiye katundu ku Lilongwe lero lomwe. Ulendowo ndi wa makilomita oposa 300, maola anayi kapena asanu, ndipo dzuwa lidzamulowera ali pa msewu wa M1, mwina cha ku Ntcheu kapena ku Dedza, atatopa ndiponso ali ndi tulo. Chipembedzo chimamulola kumasula chifukwa ali paulendo, koma ambiri safuna, makamaka masiku oyamba. Bwana amene moni wake unali woona akanaika ulendowo 6 koloko mmawa, kapena akanamuuza dzulo lake kuti akonzekere. Ngati n'kosatheka kusintha, amupatse botolo la madzi ndi kachakudya m'galimoto, ndipo amuuze kuti dzuwa likalowa aime mphindi 15. Kampani sitaya kanthu pamenepo, ndipo dalaivala amene wamwa madzi ndi kupumako ndi wotetezeka pa msewu kuposa amene akuthamangira kuti akafike.

Za mu ofesi n'zazing'ono kuposa pamenepa. Msonkhano wofuna mutu uikeni mmawa. Msonkhano wa 4:30 madzulo womwe umakoka mpaka mdima ndi umene umapweteka, chifukwa munthu amafuna kukamasula ndi banja lake ndipo minibasi za ku Bangwe kapena ku Area 25 nthawi imeneyo sizidikira. Ambiri amakondwa kugwira ntchito nthawi ya nkhomaliro kuti aweruke msanga, koma si onse amalimba mtima kupempha. Woyang'anira akayamba yekha kufunsa, zimapepuka. Pa maphunziro a ku hotela komwe chakudya chalipiridwa kale, uzani a kukhitchini amuikire chake m'kabokosi kuti atenge madzulo. Phwando lotsanzikana ndi mnzanu wopuma ntchito, ngati lingathe kudikira, lidikire, kapena liyambe dzuwa litalowa. Kwa ogwira ntchito ya thukuta, omanga nyumba, onyamula matumba, a m'minda ya tiyi ndi ya nzimbe, kusinthana kuti zolemera zichitike mmawa n'kofunika kwambiri kuposa mawu alionse. Munthu wosala akayamba chizungulire, kusokonezeka mutu kapena kukomoka, imeneyo ndi ngozi ya thanzi: muikeni pamthunzi, akatsitsimuka mpatseni madzi, ndipo mufune thandizo la chipatala. Chisilamu sichiuza munthu kuti afe ndi swaumu.

Koma musapitirire muyeso. Pali anthu amene akangodziwa kuti mnzawo wamanga, amayamba kubisa chimanga chootcha m'dirowa ndi kupepesa nthawi iliyonse akatsekula botolo la madzi. Zimenezi zimamuchititsa manyazi wosalayo, chifukwa akuoneka ngati walanda ufulu wa ofesi yonse. Iye anasankha kusala akudziwa kuti dziko lipitiriza kudya. Idyani nkhomaliro yanu monga mwa masiku onse. Chongofunika ndi nzeru wamba: osamudyera chipisi pa desiki pake, osamununkhiza kanyenya kuti muone ngati agwe, ndipo mukaiwala n'kumuitanira kuti "tiyeni tidye", monga mwambo wathu umafunira, iye akati "ndamanga", ingonenani kuti "oo, ndinaiwala" n'kupitiriza. Si mlandu. Musamuchotsenso pa ntchito zofunika pomuganizira kuti ndi wofooka iye asanadandaule. Madokotala, aphunzitsi ndi osewera mpira amagwira ntchito zawo atamanga.

Kanthu kena kamene anthu sakonda kukatchula: munthu amene wakhala maola ambiri osadya kapena kumwa, mpweya wa mkamwa umasintha. Amadziwa yekha, ndipo ambiri amatsuka mano ndi mswaki masana. Kumupatsa chingamu kapena switi sikuthandiza chifukwa sangadye, ndipo kumuseka ndi kupanda ulemu. Zisiyeni.

Za dzanja nazonso zimasokoneza. Ife timakonda kugwirana chanza popatsana mafuno abwino, koma Asilamu ena sagwirana chanza ndi munthu amene si wa chibale ngati wina ndi mwamuna wina mkazi, ndipo ena amene miyezi ina salabadira amasamala kwambiri m'mwezi uno. Ngati ndinu bambo ndipo mukupereka moni kwa mayi, kapena ndinu mayi kwa bambo, dikirani iye ayambe kutambasula dzanja. Akapanda kutero, ikani dzanja pachifuwa kapena ombani m'manja pang'ono monga amachitira akumudzi. Sanakunyozeni.

Mwina mwa masiku amenewa mnzanuyo adzakuitanani kuti mukamasule nawo limodzi. Pitani. Simukufunika kukhala mutasala, ndipo palibe amene adzakukokereni ku swala. Iwo akaimirira kuswali, inu mumangokhala phee mphindi zochepa. Kudyetsa anthu pa nthawi yomasula ndi chinthu chomwe Asilamu amachiwerengera mphotho, choncho kubwera kwanu n'kowakomera. Fikani dzuwa lisanalowe, chifukwa chakudya chimenechi sichidikira mlendo wochedwa, ndipo musayambe kudya eni ake asanayambe. Mukafuna kunyamula kanthu, zipatso, shuga, mpunga kapena zakumwa zozizilitsa kukhosi sizilakwika. Nyama ndi yovuta pokhapokha mukudziwa kuti ndi ya halali, yozingidwa mwa Chisilamu. Za mowa ndi nkhumba sitichita kunena.

Mwezi ukamapita kumapeto mudzaona mnzanuyo akutopa kwambiri. Masiku khumi omaliza ndi olemekezeka koposa, chifukwa mwa iwo muli usiku wa Lailatul Kadri, ndipo ambiri amachezera kupemphera. Ena amapempha tchuthi kuti akabindikire mu mzikiti. Kenako nkhani ya mwezi imabwereranso. Madzulo a tsiku la 29 anthu amayang'ananso kumadzulo, ndipo ukaoneka, mawa lake ndi Idi. M'Malawi muno Idi yomaliza Ramadani ndi tsiku la tchuthi cha boma, koma popeza imadalira mwezi, tsiku lake limatsimikizika mochedwa, nthawi zina usiku womwewo. Woyang'anira ntchito asadabwe mnzake akamati, "Ndidzapuma Lolemba kapena Lachiwiri, sindinadziwe." Sakuzemba. Konzani ndandanda ya ntchito moganizira masiku onse awiri. Apo ndiye pa "Idi mubaraka", ndipo tsiku limenelo mukhoza kumuitanira tiyi, chifukwa pa Idi Msilamu saloledwa kusala.

Ramadani wa chaka chamawa adzafulumira ndi masiku 10 kapena 11 kuyerekeza ndi wa chaka chino. Chotsani masikuwo pa kalendala yanu, lembani sabata imeneyo, ndipo ikayandikira mufunse mnzanuyo kuti mwezi akuuyembekezera liti.